Ana 140 olipira: masamu a sukulu yaing'ono ya pulayiveti ku Ntcheu

Mumsewu wa M1, kuchokera pa Dedza boma kudutsa Lizulu ndi Mlangeni mpaka pa Ntcheu boma, zikwangwani za sukulu zoyima pazokha zili mbwee. Zina mwa sukuluzi zakhazikika, zili ndi makalasi anjerwa ndi aphunzitsi amene akhalitsa. Zina zimatsegula mu Sepitembala ndi penti watsopano, koma pofika Malichi aphunzitsi ali ndi miyezi iwiri osalandira, ndipo chaka chotsatira nyumba ija yasanduka gulosale. Nthawi zambiri chosiyanitsa sukulu ziwirizi si luso lophunzitsa ayi. Ndi masamu amene mwini wake anachita, kapena sanachite, asanagule desiki yoyamba.

Pulani ya bizinesi ya sukulu imayenera kuyankha funso limodzi poyera: pakufunika ana angati olipiradi fizi kuti aphunzitsi alandire malipiro awo miyezi yonse 12? Zina zonse, mtengo wa fizi, chiwerengero cha makalasi, ngakhale malo omanga, zimachokera pa yankho limenelo. Tiyeni tiliwerengere pa sukulu yongoyerekeza ya pulayimale, ya sitandade 1 mpaka 4, yochita lendi nyumba pamalo amalonda onga Lizulu. Mitengo imene ndigwiritse ntchito ndi yachitsanzo chabe. Inu mudzaikepo ya kwanu ndi ya chaka chanu, chifukwa ndani wayiwala kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mapepala ndi simenti n'kusintha sabata yomweyo? Chimene sichisintha ndi njira yowerengera.

Tiyambe ndi amene mukupikisana naye. Kuyambira 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, mwana aliyense ali ndi sukulu yaulere yoti apiteko. Chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo mpaka lero makalasi a m'munsi m'sukulu zambiri za boma ndi odzaza kuposa ana 60 pa mphunzitsi amene boma limafuna. Kholo lobwera kwa inu, ndiye kuti lasiya chaulere n'kusankha kulipira. Likugula zinthu zooneka ndi maso: kalasi ya ana ochepa, desiki, mphunzitsi wopezeka tsiku lililonse, kope lochongedwa, ndi mwana amene ayamba kulankhula Chingerezi msanga. Likangoona kuti zimenezi palibe, silikangana nanu. Limangopempha kalata yosamutsira mwana, kapena silipempha n'komwe.

Izi zikutanthauza kuti simungadzaze kalasi mmene mungafunire. Ana 40 m'kalasi makolo amavomera. Akafika 55, mayi wina ayamba kufunsa kuti nanga tikulipira chiyani. Choncho makalasi anayi ali ndi denga la ana pafupifupi 160, ndipo ndalama zonse za chaka ziyenera kutuluka m'kati mwa nambala imeneyo.

Kudziwa kuti abwera ana angati ndiko kovuta kwambiri, ndipo apa m'pamene mapulani ambiri amanama. Munthu amaona ana ali piringupiringu pamsika n'kulemba kuti msika ulipo. Koma ana a m'dera si makasitomala. Makasitomala ndi mabanja amene ali ndi ndalama yolowa mobwerezabwereza: aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaumoyo, apolisi, eni magulosale ndi zigayo, ogula kachewere ndi kabichi wopita ku Blantyre ndi Lilongwe, alimi a m'madimba amene amakolola kawiri kapena katatu pachaka. Muyenera kuwawerenga khomo ndi khomo, ndipo muwerenge okhawo amene mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi angayende kuchoka kwawo osatopa. Msewu waukulu nawo ndi malire. Kholo la mwana wa sitandade 1 limachita mantha kuti mwanayo azidutsa M1 yekha m'mawa ndi masana, ndipo likamulipirira kabaza tsiku ndi tsiku, ndalama imeneyo limaiphatikiza ku fizi yanu poganiza ngati likwanitsa.

Mukafunsa, pafupifupi aliyense adzati, "Eee, mukatsegula tidzabweretsa." Yankho limeneli ndi ulemu chabe, musalilembe m'pulani. Nambala yodalirika ndi ya amene alipira kandalama kolembetsera, ngakhale kochepa, n'kulandira lisiti sukulu isanatsegule. Ine ndimakhulupirira kuti munthu amene alibe mayina olipiridwa otere m'manja pofika Ogasiti sayenera kulemba aphunzitsi anayi. Amene ali kale ndi sukulu ya mkaka ali ndi mwayi waukulu, chifukwa ana ake omaliza kumeneko ndiwo sitandade 1 yake, ndipo makolo awo amawadziwa kale kalipiridwe kawo.

Tsopano ndalama zotuluka. Chachikulu ndi malipiro. Tiyerekeze aphunzitsi anayi pa K150,000 aliyense pamwezi, mphunzitsi wamkulu pa K200,000 amene nayenso azigwira choko wina akadwala, mlonda ndi wosesa pa K130,000 aliyense. Zonse pamodzi ndi K1,060,000 pamwezi. Musadabwe kuti mlonda sakusiyana kwenikweni ndi mphunzitsi. Boma limaika malipiro otsikitsitsa amene wolemba ntchito sayenera kutsika pansi pake. Anali K90,000 mu 2024, n'kukwera kufika K126,000 mu 2025, ndipo musanalembe pulani mufunse ku ofesi ya zantchito kuti pano ali pati. Pamwamba pa malipiro pali zina ziwiri zimene ambiri amaiwala. Lamulo la penshoni limafuna kuti wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti yodulidwa kwa iye. Palinso 1 peresenti ya msonkho wa TEVETA. Mukaphatikiza zanu ziwirizo, 10 peresenti ndi 1 peresenti, K1,060,000 ija yasanduka K1,176,600 pamwezi.

Nambala imeneyi muichulukitse ka 12, osati ka 9. Ana amaphunzira matemu atatu, koma mphunzitsi amadya ndi kulipira nyumba mu Ogasiti ngati mmene amachitira mu Okutobala. Eni sukulu ena amadula malipiro a tchuthi poganiza kuti apulumutsa ndalama. Chimene chimachitika n'chakuti mphunzitsi wabwino amapeza kwina m'tchuthi chomwecho, ndipo mumatsegula temu ndi nkhope yachilendo imene makolo saidziwa. Pachaka, malipiro a sukulu yathuyi ndi K14,119,200.

Onjezanipo lendi ya K250,000 pamwezi, yomwe ndi K3,000,000 pachaka. Onjezaninso K100,000 pamwezi ya madzi, mayunitsi a ESCOM, foni, kukonza zitseko ndi maulendo a ku boma, yomwe ndi K1,200,000. Pomaliza patulani K1,000,000 pachaka yodzasinthira madesiki othyoka ndi mabuku ong'ambika, chifukwa buku la sitandade 1 likadutsa m'manja mwa ana zaka ziwiri kapena zitatu limakhala latha. Zonse pamodzi zikukwana K19,319,200. Ndalama imeneyi ilibe kanthu kuti m'kalasi muli ana angati. Kaya abwera 60, kaya 160, iyenera kutuluka.

Mbali ya ndalama zolowa ndi imene imapusitsa. Tinene kuti fizi ndi K60,000 pa temu, kutanthauza K180,000 pachaka. Munthu amatenga ana 120, kuchulukitsa ndi K180,000, kupeza K21,600,000, n'kuona kuti phindu lilipo. Koma fizi yolembedwa pachikwangwani ndi fizi yolowa m'thumba ndi zinthu ziwiri. Pali mwana amene bambo ake asamutsidwa pakati pa temu atalipira theka. Pali banja la ana atatu limene munalichotserako. Pali ana a aphunzitsi anu, a achimwene anu, ndi wamasiye amene abusa anakupemphani. Palinso amene amangoti mawa, mawa, mpaka chaka kutha. M'chitsanzo chathu tiyerekeze kuti pa K100 iliyonse yoyenera kulowa, mukutolera K85. Mwana mmodzi wa m'rejisitala ndiye kuti akubweretsa K153,000 pachaka.

Mwana yemweyo ali ndi zake zimene amadya: mapepala a mayeso, kufotokopa, choko, lipoti la kumapeto kwa temu, sopo wosambira m'manja. Tiziike pa K5,000 pa temu, K15,000 pachaka. Zotsala ndi K138,000, ndipo imeneyi ndiyo ndalama yeniyeni imene mwana aliyense amathandizira kunyamula mtolo wa malipiro ndi lendi uja. Gawani K19,319,200 ndi K138,000, mupeza 140. Sukulu iyi imayamba kudziyimira payokha pa ana 140, kapena kuti ana 35 m'kalasi iliyonse.

Taonani kuchepa kwa mpata. Pa ana 120, amene poyamba paja amaoneka ngati phindu, sukulu ikutaya pafupifupi K2,760,000 pachaka. Pa ana 160, makalasi atadzaza mpaka pakhomo, ikutsala ndi pafupifupi K2,760,000. Pakati pa kuluza ndi phindu lonse limene nyumbayo ingathe kupereka pali ana khumi okha m'kalasi iliyonse. Ndipo m'masamu onsewa mwini sukulu sanadzilipire kalikonse. Ngati iye ndiye mphunzitsi wamkulu, chake ndi K200,000 ija basi.

Anthu akaona izi amathamangira kukweza fizi. Tiyeni tione. Pa K70,000 pa temu, mukutolerabe 85 peresenti, ana ofunika atsika kufika pa 119. Zikuoneka bwino. Koma fizi ikakwera, si ana okha amene amachoka, kalipiridwe nakonso kamafooka. Kutolera kukatsika kufika pa 75 peresenti, ana ofunika abwerera pa 136, ndiye kuti mwakwiyitsa makolo pachabe. Tsono yang'anani mbali ina. Fizi ikhale pomwepo pa K60,000, koma muzitolera 95 peresenti: ana ofunika ndi 124. Kutolera kukatsika kufika pa 75 peresenti, mukufunika ana 161, kuposa amene makalasi anu angatenge, kutanthauza kuti sukuluyo singadziyimire ngakhale itadzaza. N'chifukwa chake ndimati buku la fizi ndi lofunika kuposa chikwangwani. Sukulu yaing'ono imapulumuka kapena kufa ndi kalondolondo wa ngongole za makolo.

Kutolera bwino si nkhanza, ndipo kuthamangitsa ana m'kalasi sabata yachitatu si njira yokhayo. Njira imeneyi imapweteka mwana amene sanalakwe, komanso tsiku limenelo aphunzitsi amaphunzitsa theka la kalasi n'kudzabwereza mawa. Chothandiza ndi kugwirizana ndi kholo lililonse poyambirira, molemba, malinga ndi mmene ndalama yake imabwerera. Wa pantchito ya boma amalandira kumapeto kwa mwezi, ndiye K20,000 pamwezi m'miyezi itatu ya temu imamupepukira kuposa K60,000 pakamodzi. Wa bizinesi ya pamsika amatha kupereka pang'onopang'ono tsiku la msika lililonse. Mlimi ali ndi ndalama akagulitsa, ndipo ndi bwino kumulimbikitsa kuti nthawi imeneyo alipiriretu matemu awiri, ngakhale mutamuchotserako pang'ono.

Mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu zimamveka chonchi. Mayi wafika ndi mwana kumbuyo, wakhala pansi, n'kunena kuti, "Ahedi, pepani, bambo a kunyumba sanabwere ku Tsangano. Kachewere akangotuluka ndibwera nayo yonse." Mphunzitsi wamkulu wosazolowera amangoti, "Chabwino mayi, tamva," mayiyo n'kumapita, ndipo palibe chalembedwa. Wodziwa ntchito amatsegula buku pa tsamba la mwanayo n'kunena kuti, "Zikomo mayi pobwera nokha. Patsala K40,000. Lero mwatengako zingati? Yotsalayo tilembe tsiku liti?" Mayi uja amatulutsa K10,000 imene inali pa mfundo ya chitenje, amalandira lisiti, ndipo tsiku limalembedwa onse akuona. Palibe wanyozedwa, koma ngongole yakhala ndi tsiku.

Ndalama isamadutse m'manja ambiri. Fizi izilowa ku akaunti ya sukulu ku banki kapena pa nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba yolembetsedwa m'dzina la sukulu, ndipo yolipidwa pamanja ikhale ndi lisiti ya manambala otsatana yokhala ndi kaboni. Lachisanu lililonse zinthu zitatu zizigwirizana: rejisitala ya m'kalasi, buku la fizi ndi ndalama imene ilipo. Mukapeza mwana amene amayankha dzina m'kalasi koma m'buku la fizi mulibe tsamba lake, dziwani kuti wina akulandira fizi yake kumbali. Makolo ena adzafuna kulipira ndi chimanga kapena nyemba. Palibe choipa, bola muzilembe pa mtengo wa pamsika wa tsiku limenelo, mutayeza pa sikelo, komanso mudziwe kuti mphunzitsi sangakakamizidwe kulandira thumba m'malo mwa malipiro.

Ngakhale masamu a chaka atakwana ndendende, sukulu ikhoza kugwa chifukwa cha kalendala. Apa ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene anthu a mtima wabwino amasanduka abwana osalipira. Chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, anthu akadali ndi kangachepe ka zokolola. Temu yachiwiri imayamba mu Januwale, ndalama itapita ku feteleza, mbewu, aganyu ndi Khirisimasi, chimanga chitakwera mtengo, nkhokwe zili pansi. Temu yachitatu imakumana ndi kukolola, ndipo ngongole zambiri zimabwezedwa nthawi imeneyo. Choncho 85 peresenti ija sibwera mofanana. Tiyerekeze 90 m'temu yoyamba, 70 m'temu yachiwiri, ndi 95 m'temu yachitatu.

Ndi ana 140, fizi yoyenera kulowa pa temu ndi K8,400,000. Temu iliyonse iyenera kunyamula miyezi inayi ya malipiro, lendi ndi mabilu, kuphatikizapo zipangizo za ana, zomwe zikukwana K6,806,400. Temu yoyamba ilowetsa K7,560,000, n'kutsala K753,600. Temu yachiwiri ilowetsa K5,880,000 yokha, kupereweza K926,400. Ngakhale mutasunga tambala iliyonse yotsala mu Disembala, pofika Epulo muli ndi dzenje la K172,800. Ndipo ndani amasunga? Mu Okutobala akaunti imaoneka yonona, mwini sukulu n'kugula malata a kalasi yatsopano kapena kubwereka pang'ono kuti agulire feteleza wa kumunda kwake. Ndalama imene waitengayo inali malipiro a Malichi. Chimodzimodzi mu Juni: zimene zikuoneka ngati phindu la temu yachitatu ndi malipiro a Ogasiti, mwezi umene sikulowa fizi ngakhale imodzi.

Pulani yabwino imakhala ndi tsamba la miyezi 12, mwezi uliwonse ndi mzere wake wa zolowa, zotuluka ndi zotsala, osati chiwerengero cha chaka chokha. Imakhalanso ndi thumba lapadera la ndalama zosachepera miyezi iwiri ya zotuluka, pafupifupi K3,000,000 m'chitsanzo chathu, losakhudzidwa ndi ntchito yomanga. Amene alibe thumba limeneli amathawira kwa akatapila mu Malichi, ndipo chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chimadya zimene ana angapo alipira temu yonse.

Malipiro akachedwa, zizindikiro zimayamba kuoneka m'makope. Ntchito ya ana imakhala masiku osachongedwa. Mphunzitsi amayamba kupempha kuti apite ku boma kawirikawiri, ena amayambitsa makalasi a masana olipiritsa ana omwewo, ena amagulitsa mandasi pa buleki. Makolo amaziona msanga kuposa mwini sukulu, ndipo amayamba kugwira fizi podikira kuti aone kumene zikupita. Fizi ikagwidwa malipiro amachedwanso, basi gudumu layamba kubwerera m'mbuyo pachitunda.

Pa nkhani ya aphunzitsi pali china choyenera kulowa m'pulani. Achinyamata ambiri omaliza maphunziro a uphunzitsi m'makoleji onga la ku Bembeke amadikira nthawi boma lisanawalembe ntchito, ndipo sukulu zoyima pazokha zimadalira iwowa. Ndi aphunzitsi abwino, odziwa kulemba sikimu ndi kukonza phunziro. Koma tsiku limene mayina atuluka, amapita, ndipo palibe angawadzudzule, chifukwa ntchito ya boma ndi yokhazikika. Mukhoza kutaya awiri mwa anayi sabata imodzi pakati pa temu. N'chifukwa chake m'chitsanzomu muli mphunzitsi wamkulu wopanda kalasi yakeyake, woti atseke mpata wina akachoka, akadwala kapena akapita ku tchuthi cha uchembere. Ena amathawa vutoli polemba a MSCE opanda maphunziro a uphunzitsi chifukwa ndi otchipa ndipo sachoka. Koma lamulo la maphunziro la 2013 linakhazikitsa khonsolo yolembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa ziphaso, ndipo oyendera sukulu amafunsa mapepala. Kupatula apo, kuphunzitsa mwana wa sitandade 1 kuwerenga ndi luso lophunzira, si la aliyense wodziwa Chingerezi. Ngati pali kalasi yoyenera mphunzitsi wanu wabwino koposa, ndi imeneyo, chifukwa makolo amaweruza sukulu yonse pa tsiku limene mwana wawo wawerenga chikwangwani cha pagulosale yekha.

Mpamba woyambira uli pawiri, ndipo gawo lachiwiri ndi limene silioneka. Loyamba ndi katundu. Madesiki 70 okhala ana awiri, pa K45,000 imodzi kwa kalipentala wa pamalopo, ndi K3,150,000. Matabwa a paini ku Dedza savuta kupeza, koma onetsetsani kuti ndi ouma, chifukwa aawisi amapindika n'kulekana pa misomali temu isanathe. Mabolodi ndi matebulo a aphunzitsi tiike K600,000, mabuku a silabasi ya boma ndi a aphunzitsi K1,500,000. Zimbudzi zolekanitsa anyamata, atsikana ndi aphunzitsi, pamodzi ndi posambira m'manja, K2,500,000, pakuti nyumba yomangidwira banja limodzi kapena sitolo ilibe zimbudzi zokwanira ana 140. Penti, pansi ndi mawindo K1,250,000, ndipo mawindowo akhale otsekeka, chifukwa aliyense wodziwa Juni wa ku Dedza ndi kumapiri a Ntcheu akudziwa kuti mwana wonjenjemera sagwira pensulo. Kulembetsa, chikwangwani ndi zina zing'onozing'ono K500,000. Zonse ndi K9,500,000.

Gawo lachiwiri ndi kuluza kwa chaka choyamba. Sukulu yatsopano sidzaza tsiku loyamba, makamaka sitandade 3 ndi 4, chifukwa kholo silichotsa msanga mwana kumene wazolowera kupita kumene silinaone zipatso. Mukayamba ndi ana 80 m'makalasi anayi, alowetsa K11,040,000 mutachotsa za zipangizo zawo, pamene zotuluka, ngakhale mutasiya kaye K1,000,000 ya madesiki ija, ndi K18,319,200. Dzenje ndi pafupifupi K7,300,000. Mpamba weniweni ndiye uli pafupi ndi K16,800,000, osati K9,500,000. Ngakhale sukulu itadzaza chaka chachiwiri n'kumatsala ndi K2,760,000 pachaka, kubweza mpamba umenewu kutenga zaka zisanu ndi chimodzi. Ngongole ya kubanki ya chiwongoladzanja cha masiku ano singadikire motero, ndipo amene akufuna phindu lamsanga ndi bwino aganizire bizinesi ina.

Njira yochepetsera dzenje limeneli ndi kuyamba ndi makalasi awiri odzaza m'malo mwa anayi a theka, n'kumakwera ndi ana anu omwe chaka ndi chaka. Kalasi iliyonse yatsopano muziiyesa payokha. Mphunzitsi mmodzi, ndi penshoni ndi msonkho womwe, amadya K1,998,000 pachaka, kutanthauza kuti ana 15 oyamba m'kalasimo akungolipira iyeyo. Mukaonjezera lendi ya chipinda ya K60,000 pamwezi, pakufunika ana 20. Sitandade 5 ya ana 12 ikudyera makalasi a m'munsi. Nthawi zina mudzaitsegulabe, chifukwa kholo lomwe likudziwa kuti sukulu imathera sitandade 4 limayamba kuyang'ana kwina mwana ali sitandade 3, ndipo limatenganso mng'ono wake. Koma muitsegule mukudziwa kuti ikuluza zingati komanso ndani akuilipirira.

Zonsezi zisanachitike pali kulembetsa. Lamulo la 2013 lomwe lija limafuna kuti sukulu yoyima payokha ilembetsedwe ku unduna wa zamaphunziro, ndipo khomo loyamba kugogoda ndi ofesi ya maphunziro ya boma lanu, pa Dedza kapena pa Ntcheu. Pitaniko musanasaine lendi, muwafunse zimene oyendera amayang'ana pa nyumba, zimbudzi, madzi, bwalo ndi mapepala a aphunzitsi, chifukwa unduna umatseka sukulu zosakwanira, ndipo kutsekedwa pakati pa chaka kumatanthauza kubweza fizi imene munadya kale. Bizinesiyo payokha iyeneranso kulembetsedwa ndi kukhala ndi nambala ya msonkho ku MRA. Eni sukulu anzanu a m'bungwe la ISAMA angakuuzeni zambiri za mmene zimayendera. Nkhani ya MANEB idzabwera mukayandikira sitandade 8, ndipo muyambe kuifunsa ana anu oyamba ali sitandade 6, kuti mudziwe ngati adzalembere mayeso pasukulu panu kapena pa sukulu ina yovomerezeka.

Pangano la lendi nalo lilembedwe, la zaka zingapo, lonena kuti lendi idzakwera liti komanso motani, ndiponso kuti zimbudzi za K2,500,000 zimene mwamanga pamalo a eni ake zidzawerengedwa bwanji mukadzachoka. Mwini nyumba akaona ana 140 a yunifolomu akulowa pageti m'mawa uliwonse, amachita masamu a K60,000 kuchulukitsa ndi 140, ndipo pangano la pakamwa silikhala ndi mphamvu pa tsiku limenelo. M'chitsanzo chathu, lendi ikakwera ndi K100,000 pamwezi, ana ofunika achoka pa 140 kufika pa 149.